Konvolushoni: kodi h timamutembenuziranji tisanamusunthe?

Kadziwotche

Akuluakulu apagulu pano, ndithandizeni. Tili ndi funso la seketi ya rezisita ndi kapasita, R ndi 10 kΩ, C ndi 100 µF, ndiye RC ikukwana sekondi imodzi. Siginolo yolowa x(t) ndi bokosi la 1 V, limayamba pa t = 0 n'kutha pa t = 2. Atipatsa kuti h(t) = e^(−t) kuyambira pa t = 0, kumbuyo konse ndi ziro. Akufuna tijambule y(t), voliteji ya pa kapasita, yomwe ndi konvolushoni ya x ndi h, pogwiritsa ntchito chithunzi.

Ine ndajambula bokosi, ndajambulanso h, n'kumamusuntha pamwamba pa bokosilo ndikuwerengera malo omwe zalowana. Pa t = 1 ndapeza 0.632, ndipo yankho lomwe tapatsidwa likunenanso 0.632. Koma pa t = 3 ine ndikupeza ziro pomwe iwo akuti 0.318. Chodabwitsa n'chakuti 0.318 yemweyo ndikumupeza pa t = −1. Akuti ndimayenera kutembenuza h kaye. Kutembenuzako ndingathe, koma sindikumvetsa kuti kukuchokera kuti. Seketi imadziwa bwanji zotembenuza?

Nthiwatiwa

Achemwali musavutike nazo kwambiri, kutembenuza ndi mwambo chabe wa fomula. Ine mabokosi awiri ofanana ndimangowasuntha osatembenuza, thirayango imatuluka bwinobwino. Onaninso malire a intigiro yanu, mwina vuto lili pamenepo.

Mkulu wa Mawaya

A Nthiwatiwa, thirayango imatulukadi, koma ndibwerera kwa inu, chifukwa siituluka pamalo pake.

A Kadziwotche, yambani ndi zomwe mwapezazo. Galafu yanu ikunena kuti pa t = −1 kapasita ili ndi 0.318 V, pomwe simunalumikize kanthu. Ikunenanso kuti bokosi likangotha pa t = 2 kapasita imauma nthawi yomweyo. Aliyense amene anagwirako kapasita akudziwa kuti zonse ziwirizi sizichitika: siidzaza isanapatsidwe magetsi, ndipo ikadzaza imatsika pang'onopang'ono. Galafu yanu ndi yankho lolondola loyenda chafutambuyo. Mukaipinda pa t = 1, mbali ya kumanzere kupita kumanja, mupeza yawo ija. N'chifukwa chake pa t = 1 munagwirizana nawo, pamenepo ndi popindira.

Tsopano za komwe kutembenuza kukuchokera. Ganizani za belu. Mukalimenya kamodzi, limalira kwambiri poyamba kenako kulira kumazilala. Kulira kumeneko, kuyambira pomwe mwamenya mpaka kuzilala, ndiye h. Mukalimenya katatu motsatizana, zomwe mukumva panopa ndi zitatu zophatikizana: kumenya kwa posachedwapa kukulira mwamphamvu, kwachiwiri kwayamba kuzilala, koyamba kuja kwatsala pang'ono kutha. Taonani dongosolo lake. Chomwe chinalowa komaliza chikukumana ndi mutu wa h. Chomwe chinalowa koyamba chikukumana ndi mchira wa h. Papepala nthawi imayenda kuchoka kumanzere kupita kumanja, ndiye zakale zili kumanzere. Koma h momwe anakupatsirani, mchira wake uli kumanja. Kuti mchira ugwere pa zakale, muyenera kumutembenuza.

Kadziwotche

Bambo, za belu ndamva. Koma mu fomula muli t ndi τ, ndipo apa mpamene ndimasokonekera. Nthawi ziwiri za chiyani?

Mkulu wa Mawaya

Fomula ndi iyi:

```
y(t) = ∫ x(τ) · h(t − τ) dτ
```

t ndi nthawi yomwe mwaima n'kuyang'ana mita. Mukasankha t, musamugwedezenso mpaka mutamaliza kuwerengera. τ ndi nthawi yomwe kachidutswa kena ka siginolo kanalowa. Ndiye t − τ ndi msinkhu wa kachidutswako, nthawi yomwe yadutsa chilowereni. Mwaima pa t = 3, kachidutswa kanalowa pa τ = 2, msinkhu wake ndi sekondi imodzi, ndipo h(1) akukuuzani kuti mwa mphamvu yake mwatsala 0.368. Kena kanalowa pa τ = 0, msinkhu wake ndi masekondi atatu, h(3) ndi 0.050 basi. τ akamakula msinkhu ukuchepa. Chizindikiro chochotsera chija chikunena zimenezi, ndipo papepala chimaoneka ngati kutembenuza.

Chitani chonchi ndi manja. Papepala jambulani bokosi, mzere wogona muulembe τ, osati t. Pa pulasitiki yoonekera mkati jambulani h, muitembenuze kuti mchira uloze kumanzere. Pomwe pali mutu wa h ikani kadontho, mulembepo t. Tsopano sendezani pulasitikiyo kuchokera kumanzere.

```
bokosi x(τ):          ┌───────┐
               ───────┘       └───────
                      0       2

h(t − τ), t = 1:      _.-'|
                 __.--    |___________
                          1
```

Pali magawo atatu. Kadontho kakakhala kumanzere kwa ziro, mutu sunafike pabokosi ndipo mchira uli kutali kumanzere. Palibe zalowana, y ndi ziro. Vuto lanu la t = −1 latheratu pomwepo.

Kadontho kakalowa m'bokosi, pakati pa 0 ndi 2, zalowana kuyambira pa τ = 0 mpaka pa τ = t. Bokosi ndi lalitali 1, ndiye kuchulukitsa sikusintha kanthu, mukungoyeza malo a pansi pa h m'chigawo chimenecho. Pa h wanuyu pali mwayi: malo a pansi pa e^(−t) pakati pa misinkhu iwiri amangofanana ndi kusiyana kwa kutalika kwake pa misinkhu iwiriyo. Pa t = 1 misinkhu ikuchokera pa 0 kufika pa 1, kutalika ndi 1 ndi 0.368, kusiyana 0.632. Pa t = 2 ndi 1 kuchotsa 0.135, kutsala 0.865. Pamenepa ndiye pachimake. Kapasita sinafike pa 1 V chifukwa bokosi latha mchira wonse usanalowe.

Kadontho kakatuluka kumanja kwa 2, mutu wadutsa, koma mchira ukadali pabokosi. Pa t = 3 bokosi lonse lili pansi pa mchira, misinkhu kuyambira 1 mpaka 3, ndiye 0.368 kuchotsa 0.050, kutsala 0.318. Mukamasendezabe, gawo la mchira lomwe lili pabokosi likunka licheperachepera, ndipo kumeneko ndiye kutsika kwa kapasita kuja.

Kadziwotche

Ndadula pulasitiki ndayesa. Zatuluka. Chomwe ndaona n'chakuti malire a intigiro akusintha mbali ya bokosi ikakumana ndi mutu. Poyamba malire akumtunda anali t, mutu utatuluka akhala 2.

Mkulu wa Mawaya

Eya, ndipo ntchito yeniyeni ya chithunzichi ndi imeneyo. Kuwerengera intigiro ya e^(−t) n'kosavuta. Pomwe anthu amagwa ndi pa malire, ndipo chithunzi chimakuonetsani malire ndi maso. Musanalembe intigiro iliyonse, pezani kaye ma t onse omwe ngodya ya chimodzi ikukhudza ngodya ya chinzake. Kwa inu ndi awiri, 0 ndi 2, n'chifukwa chake magawo ndi atatu.

Nthiwatiwa

Chabwino bambo, koma thirayango yanga simunaiyankhe. Mabokosi awiri, lililonse kuyambira 0 mpaka 1, lalitali 1. Bokosi mukalitembenuza limakhalabe bokosi. Chasintha n'chiyani?

Mkulu wa Mawaya

Maonekedwe sanasinthe, malo asintha. Kutembenuza kumachitikira pa ziro, osati pakati pa bokosi. Bokosi la 0 mpaka 1 mukalitembenuza limakakhala pa −1 mpaka 0. Mukamasendeza, limayamba kukhudza linzake pa t = 0, limaliphimba lonse pa t = 1, limasiyana nalo pa t = 2. Thirayango yolondola ikuyambira pa 0, nsonga pa 1, kuthera pa 2. Yanu yosatembenuza, mukatsata t moona mtima, mabokosi aphimbana kale pa t = 0, ndiye nsonga ili pa 0 ndipo thirayango ikuyambira pa −1. Ndikuganiza kuti inu mumajambula thirayango kenako n'kuiika pomwe mukudziwa kale kuti iyenera kukhala.

Pali lamulo lothandiza apa. Poyambira pa y ndi poyambira pa x kuphatikiza poyambira pa h. Pothera pa y ndi pothera pa x kuphatikiza pothera pa h. Kwa mabokosi anu, 0 ndi 0 zikupereka 0, 1 ndi 1 zikupereka 2.

Nthiwatiwa

Ndavomera za malo. Koma ndinenebe kuti h akakhala wofanana mbali zonse ziwiri za ziro, monga bokosi la −0.5 mpaka 0.5, kutembenuza kulibe ntchito.

Mkulu wa Mawaya

Pamenepo mukulondola. Kungoti h wotero akuyankha zisanalowe, ndiye seketi ya mawaya singakhale naye. Amapezeka pamene deta yonse muli nayo kale, monga posalaza chithunzi kapena mawu ojambulidwa kale, pomwe mutha kusuzumira kutsogolo.

Chingwe Chofiira

Pepani kulowerera. Nkhani ya mafunde kusintha maonekedweyi ikundikhudza. Ndili ndi ampulifaya, ndikakweza voliyumu mafunde pa osilosikopu amadulidwa nsonga, pamwamba pamakhala fulati. Ndiye ndikapeza h wa ampulifayayo ndikhoza kuwerengera kudulidwako ndi njira ya pulasitikiyi?

Nadzimbe

Ayi achimwene, imeneyo ndi nkhani ina. Yesani izi: lowetsani siginolo yaing'ono, yezani zotuluka, kenako lowetsani yowirikiza kawiri. Zotuluka zikawirikiza kawiri, muli bwino. Ampulifaya ikayamba kudula nsonga siziwirikizanso, chifukwa yagunda malire a magetsi oidyetsa. Njira yonseyi yaima pa kudula x m'tizidutswa, kupeza yankho la kalikonse pakokha, kenako kuphatikiza. Ampulifaya yodula nsonga siiona tizidutswa patokhapatokha, imaona zonse pamodzi n'kunena kuti zachuluka. Ndiye h mmodzi wofotokoza zonse kulibe.

Chingwe Chofiira

Ndiye kwa ine n'zopanda ntchito?

Nadzimbe

Zili ndi ntchito bola siginolo ikhale yaing'ono, isanafike podulidwa. M'chigawo chimenecho h alipo ndithu. Koma musagwire kapotokosi wa voliyumu kapena wa besi pamene mukuyeza. Mukapotokola, kachidutswa kolowa panopa sikalandiranso yankho lofanana ndi komwe kanalowa kale, ndipo pulasitiki imodzi singasendezedwe pa nthawi yonse. Njirayi imagwira pa seketi zotchedwa LTI, Linear Time-Invariant, ndipo zilembo zonse zitatu zikugwira ntchito: L akulola kuphatikiza, TI akulola kuti h akhale yemweyo kulikonse komwe mwamuika.

A Kadziwotche, ine ndimaona kuti manambala ochepa amaonetsa bwino kuposa mizere yokhota. Tengani x = 1, 2, 3 ndi h = 4, 2, 1. Tembenuzani h akhale 1, 2, 4, mutu wake 4 uli kumanja, mumusendeze pansi pa x:

```
x:        1 2 3
n=0:  1 2 4          4
n=1:    1 2 4        2+8    = 10
n=2:      1 2 4      1+4+12 = 17
n=3:        1 2 4    2+6    = 8
n=4:          1 2 4  3
```

y ndi 4, 10, 17, 8, 3. Manambala atuluka asanu, chifukwa 3 kuphatikiza 3 kuchotsa 1 ndi 5. Onani pa n = 2: 3 ndiye walowa kumene, wakumana ndi mutu 4, wapereka 12. 1 ndiye wakale, wakumana ndi mchira, wapereka 1.

Ndipo izi munazichitapo kale musanamve dzina lake. Chulukitsani 123 ndi 421 pamanja, koma musanyamule. M'mizere yotsika mupeza 4, 10, 17, 8, 3. Mukanyamula ndiye 51783.

Nthiwatiwa

Njira yotsimikizira ilipo. Phatikizani x yense, 6. Phatikizani h yense, 7. Chulukitsani, 42. Phatikizani y, 4 + 10 + 17 + 8 + 3, 42. Zikagwirizana ndiye kuti yankho ndi lolondola basi.

Nadzimbe

Zikasemphana ndiye kuti palakwika ndithu, koma zikagwirizana musapumule msanga. Taonani:

```python
import numpy as np
np.convolve([1, 2, 3], [4, 2, 1])            # 4 10 17 8 3
np.correlate([1, 2, 3], [4, 2, 1], "full")   # 1 4 11 14 12
```

Mzere wachiwiri ukusendeza osatembenuza. Phatikizani 1, 4, 11, 14, 12, mupezanso 42. Kuyesa kwa kuphatikizaku kumagwira munthu amene walakwitsa kuchulukitsa kapena wadumpha sitepe, koma woiwala kutembenuza kumamusiya adutse. Iyeyo mumamugwira poyang'ana nambala yoyamba: iyenera kukhala woyamba wa x kuchulukitsa woyamba wa h, 1 ndi 4, osati 1 ndi 1.

Kadziwotche

Ndayesa kuika funso langa lija pakompyuta. Ndatenga masampulo pa 0.01 s iliyonse, bokosi lakhala ma 1 okwana 200. Maonekedwe atuluka bwino koma pachimake pakuonetsa pafupifupi 87 m'malo mwa 0.865.

Nadzimbe

Chulukitsani ndi 0.01. `np.convolve` imangophatikiza kutalika, siidziwa kuti kachidutswa kalikonse n'kotakata bwanji. Mu intigiro kutakata kumeneko ndi dτ. Malo ndi kutalika kuchulukitsa kutakata, ndiye mukasiya kutakata yankho limakula ka 100. Mukachulukitsa mupeza pafupi ndi 0.87, ndipo mukachepetsa sitepe lidzayandikira 0.865.

Chingwe Chofiira

Funso lina, lino ndikukhulupirira likugwirizana. Ndalumikiza seketi ya a Kadziwotcheyi patebulo. Ulendo woyamba pa sekondi imodzi mita inali pafupi ndi 0.63. Nditabwereza mwamsanga inakwera kufika cha ku 0.8. Rezisita ndi kapasita ndi zomwezo, palibe chodula nsonga. Nanga apa LTI yathawira kuti?

Mkulu wa Mawaya

Sinathawe. Kapasita inali isanaume. Tinene kuti munayamba kachiwiri muli 0.5 V yotsalira. Yotsalirayo imatsika payokha ngati 0.5·e^(−t), pa sekondi imodzi yatsala 0.184. Phatikizani ndi 0.632, mupeza 0.816. Pa chithunzi n'zosavuta kuona: mchira wa h ndi wautali, ukufika kumanzere mpaka pa bokosi loyamba lija. Inu munajambula bokosi lachiwiri lokha, koma seketi ikukumbukira onse awiri. Mukajambula mabokosi onse papepala, pulasitiki yomweyo ikupatsani yankho lolondola. Mukafuna kuyamba mwatsopano, dikirani masekondi asanu kapena kuposa magetsi olowa ali pa ziro, chifukwa e^(−5) ndi 0.007 basi.

Pali zinanso ziwiri zoyang'anira patebulopo. Pakati pa mabokosi, waya wolowera ukhale pa 0 V, osati kungouchotsa n'kuusiya ukulendewera. Mukauchotsa, kapasita ilibe njira yotsikira kudzera mu rezisita, ndipo seketi yasintha, h salinso yemwe uja. Chachiwiri, kapasita ya 100 µF ya mtundu wa elekitirolitiki nthawi zambiri imaloledwa kusiyana ndi zolembedwa ndi 20 peresenti, ndiye RC yanu mwina si sekondi imodzi ndendende.

Chingwe Chofiira

Waya ndimauchotsadi. Ndiyesanso ndi switchi yogwetsera ku ziro.

Nadzimbe

Bambo, ine pali pomwe ndimasiyana nanu pang'ono. Ndimaona kuti chithunzi chotembenuzachi sichiyenera kukhala choyamba kuphunzitsa. Pali china chopanda kutembenuza konse. Pa kachidutswa kalikonse ka x, jambulani h mmene alili, mchira kumanja, kuyambira pomwe kachidutswako kalowa, mutamukulitsa ndi kutalika kwake:

```
1·h:   4  2  1
2·h:      8  4  2
3·h:        12  6  3
y:     4 10 17  8  3
```

Palibe chatembenuzidwa, ndipo yankho ndi lomwelo. Izi ndi zomwe seketi ikuchitadi. Kutembenuza kumaoneka pokhapokha mukatenga mzere umodzi wotsika n'kuuwerenga: pa 17 muli 1, 4, 12, ndipo h akuoneka chafutambuyo, 1, 2, 4. Mwana akayamba ndi chithunzi ichi safunsa n'komwe funso la a Kadziwotche.

Mkulu wa Mawaya

Pa manambala atatu ndikugwirizana nanu, mayi. Koma bwererani ku bokosi la masekondi awiri. Mujambula ma h angati? Tizidutswa n'tosawerengeka, ndipo pepala lidzada musanapeze malire a intigiro. Chithunzi chanu chimafotokoza chifukwa, changa chimapereka nambala pa t yemwe mwasankha.

Nadzimbe

Ndiye ayambe ndi chifukwa. Ambiri amaloweza kutembenuza ndi kusendeza, mayeso akadutsa sangathe kunena kuti h(t − τ) akutanthauza chiyani.

Mkulu wa Mawaya

Ndaonanso ena omvetsa bwino chifukwa koma akapatsidwa mabokosi awiri osiyana kutakata amasowa poyambira. Sindikuganiza kuti tigwirizana lero.

Nthiwatiwa

Nanga n'chifukwa chiyani timatembenuza h osati x? Ine ndikanakonda kutembenuza bokosi, n'losavuta kujambula.

Mkulu wa Mawaya

Tembenuzani lomwe mukufuna, yankho silisintha. Mu fomula mukasinthanitsa τ ndi t − τ mupeza x(t − τ)·h(τ). Pa funso ili kutembenuza bokosi n'kwabwinodi. h akhale phee papepala, bokosi likhale ngati zenera loyambira pa t − 2 mpaka pa t, likuyenda pamwamba pake. Pa t = 3 zeneralo likuphimba h kuyambira 1 mpaka 3, ndipo ndi 0.368 kuchotsa 0.050 yemwe uja. Chongoyenera kusamala n'chakuti mbali zonse ziwiri za bokosi muzilembe ndi t, chifukwa woiwala t − 2 amasochera pa gawo lachitatu.

Kadziwotche

Funso lotsatira papepala lathu ndi la mabokosi osiyana aja. x ndi 0 mpaka 3, lalitali 1. h ndi 0 mpaka 1, lalitali 2. Ndatembenuza laling'ono. Ngodya zikukhudzana pa t = 0, 1, 3 ndi 4. Kuyambira 0 mpaka 1 y akukwera molunjika kufika pa 2, kuyambira 1 mpaka 3 wangokhala pa 2 chifukwa laling'ono lonse lili m'kati, kenako akutsika kufika pa ziro pa t = 4. Malo a pansi pa y ndapeza 6, ndipo 3 kuchulukitsa 2 ndi 6. Funso lachitatu ndiye lili ndi x wopita ku negetivu theka lake lachiwiri. Malo olowana a gawo limenelo ndiwachotsere?

Mkulu wa Mawaya

Trapeziyamu yanu ili bwino. Pa lachitatulo, inde muchotsere, koma chulukitsani kaye n'kujambula zotsatira zake pa galafu yakeyake musanayeze malo. Pomwe x akudumpha kuchoka pamwamba kupita pansi pa ziro ndi ngodya inanso, ndiye magawo achuluka. Tumizani x ndi h wake tione ma t okhudzana.